Kufupikitsa phunziro la kuzungulira kwa madzi: yambirani pa denga la kalasi

Chithunzi cha m'mabuku ambiri a jogalafe chimakhala ndi nyanja kudzanja lamanja, phiri kumanzere, dzuwa pamwamba, ndi mivi inayi yopanga mkombero. Ana amachikopera bwino, ena mpaka kuchipaka utoto. Koma mwana wa ku Kapata kapena ku Mchini kuno ku Chipata nyanja yamchere sanaione, ndipo mukamufunsa komwe apita madzi a mvula yomwe yagwa usiku pabwalo la sukulu, amangoti "apita", basi. Malangizo awa ndi a aphunzitsi anzanga amene ali ndi mapiriyodi awiri otsatizana, mphindi 80, ndipo akufuna kuti pomaliza ana akhale ndi chidule cha mizere yosapitirira isanu ndi iwiri chomwe angathe kuchifotokoza buku litatsekedwa.

Choyamba, gawani bolodi pawiri

Musanatchule gawo lililonse, dulani mzere pakati pa bolodi. Kumanzere lembani "Komwe madzi amakhala", kumanja "Mmene madzi amayendera". Funsani ana kuti akuuzeni komwe kuli madzi lero lino, ndipo lembani zimene akutchula: m'damu la Lutembwe, mumtsinje wa Lunkhwakwa, m'chitsime, m'dambo, m'dothi, m'masamba, m'mitambo, m'nyanja. Kawirikawiri palibe amene amatchula mpweya wa m'kalasi momwemo. Musawauze msanga, siyani malo opanda kanthu, adzawadzaza okha posachedwa.

Mzere umenewu ndiwo msana wa chidule chonse. Ana ambiri amalemba mtambo ngati gawo, mtsinje ngati gawo, mvula ngati gawo, zonse mumndandanda umodzi, ndiye pamayeso amasokoneza. Mtambo ndi malo, kugwa kwa mvula ndi ulendo. Lamulo lake nlakuti gawo lililonse lilembedwe m'chiganizo chimodzi choyankha mafunso atatu: madzi achoka kuti, apita kuti, chawasuntha nchiyani. Ndipo zowasuntha zazikulu zilipo ziwiri. Kutentha kwa dzuwa kumawakweza, mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi imawatsitsa. Chiganizo chosowa limodzi mwa mayankho atatuwo chibwezeni.

Chachiwiri, madzi akwere

Apa musachedwepo kwambiri, chifukwa ana amazidziwa kale, sanangoziika m'mawu. Zovala zochapa m'mawa mu Okutobala zimauma dzuwa lisanafike pamutu, koma mu Febuluwale yunifomu imagona pachingwe mpaka Lolemba idakali yachinyezi. Afunseni chifukwa chake. Mayankho awo adzakupatsani zinthu zinayi zofulumizitsa madzi kusanduka nthunzi: kutentha, mphepo, kuuma kwa mpweya, ndi kutambalala kwa malo amene madziwo ali. Chitenje chopindidwa chimachedwa kuuma kuposa choyanikidwa motambasula, ndipo ndi chifukwa chomwecho damu lotakata koma losaya limaphwa msanga.

Cholakwika chimene muyenera kuchitchinga pano ndi chakuti madzi amafunika kuwira kaye kuti asanduke nthunzi. Ayi. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo kuno kumtunda amawira asanafike pamenepo pang'ono, koma chithaphwi chimauma ngakhale mu Juni kukuzizira. Ana amene adzalembe mayeso m'Chingerezi auzeni kuti iyi ndiyo evaporeshoni, alembe pambali, mupitirire.

Njira ina imene madzi amakwerera ndi kudzera m'zomera, ndipo iyi imafuna kukonzekera. M'mawa phunziro lisanayambe, tengani mapepala awiri apulasitiki oonekera mkati, monga a shuga kapena a buledi. Limodzi mumange pa nthambi ya mango yokhala ndi masamba ambiri, mbali yowomba dzuwa, ndipo pakamwa pake mumange zolimba ndi mphira. Linalo mumange pa kamtengo kouma kopanda masamba, pafupi pomwepo. Pakapita maola awiri kapena atatu, pepala la masamba limachita chifunga mkati, madontho n'kuyamba kusonkhana pangodya yapansi, pamene la kamtengo kouma limakhala pafupifupi louma. Pepala lachiwirili musalisiye. Popanda ilo mwana wochenjera adzati, "Aphunzitsi, amenewo ndi mame," ndipo mudzasowa chomuyankha. Ngati pepala la masamba silinagwire kanthu, onani zinthu zitatu: mwina labooka, mwina nthambi inali pamthunzi, kapena mwasankha mtengo umene wayoyola masamba. Madzi amenewa mizu yawayamwa m'dothi, akwera m'thunthu, atuluka m'timabowo ta kunsi kwa masamba. Imeneyi ndi transipireshoni.

Chachitatu, apa ndi pochedwa: nthunzi kubwerera kukhala madzi

Gawo limeneli ndilo limagwetsa ana ambiri, ndipo liyenera kudya mphindi zambiri kuposa ena onse. Vuto lake nlakuti madzi akakhala mpweya saoneka. Choyera chija chimene timaona pamwamba pa mphika wa nsima si madzi osanduka mpweya ayi, ndi timadontho timene tabwerera kale kukhala madzi titakumana ndi mpweya wozizira. Ngati mungapeze ketulo ndi mbaula, aonetseni pakamwa pa ketulo yowira kwambiri: pafupi ndi kamwa pali kampata kosaoneka kanthu, choyeracho chimayambira patsogolo pang'ono. M'kampatako ndimo muli nthunzi yeniyeni. Mwana akamvetsa zimenezi, amasiya kulemba kuti mitambo ndi utsi, kapena kuti mtambo ndi nthunzi. Mtambo ndi timadontho ta madzi, ndipo pamwamba kwambiri pozizira ndi tizidutswa ta ayezi.

Chionetsero chosavuta ndi botolo la madzi ozizira kwambiri, lotsekedwa, lopukutidwa bwino ana akuona. Liikeni patebulo. Pakapita mphindi zochepa limachita thukuta. Funsani kuti madziwo achokera kuti. Theka la kalasi lidzati atuluka m'botolo. Ndiye nchifukwa chake ndi bwino kuthiramo chakumwa chamtundu, chofiira kapena chachikasu: pukutani thukutalo ndi pepala loyera, silisintha mtundu. Madziwo achokera mumpweya wa m'kalasi, ndipo tsopano ana abwerere kubolodi akadzaze malo aja munasiya. Chenjezo limodzi: mu Seputembala ndi Okutobala mpweya wa kuno umakhala wouma kwambiri, botolo likhoza kuchita thukuta lochepa. M'miyezi imeneyo ikanimo ayezi, kapena gwiritsani ntchito kapu yachitsulo. M'dzinja simudzavutika.

Kuchoka pabotolo kupita kumtambo ndi sitepe imodzi. Dzuwa limatenthetsa nthaka, nthaka imatenthetsa mpweya wapafupi nayo, mpweya wotentha umapepuka n'kukwera. Ukamakwera umazizira, pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse mwa chiwerengero chapakati. Ana a kuno amalidziwa lamulo limeneli ndi thupi lawo: Chipata ili pamtunda, Mfuwe ili m'chigwa cha Luangwa, ndipo aliyense amene anatsikirako mu Okutobala amadziwa komwe kumawotcha. Mpweya wozizira sungasunge nthunzi yambiri ngati wotentha, choncho yotsalayo imasanduka timadontho pa tifumbi, pa utsi wa lupsa, pa tizidutswa ta mchere toyandama mumpweya. Imeneyo ndi kondenseshoni. Mame a m'mawa pa udzu ndi nkhungu ya m'madambo mu Juni ndi chinthu chomwecho, kungoti chachitikira pansi.

Funso labwino kwambiri limene mwana angafunse apa ndi lakuti, "Nanga bwanji kumachita mitambo koma mvula osagwa?" Yankho lili m'kukula kwa dontho. Kadontho ka mumtambo nkakang'ono zedi, pafupifupi mamilimita 0.02 m'mimba mwake, moti mpweya wokwera umakanyamula mosavuta. Dontho la mvula limakhala pafupifupi mamilimita 2. Kusiyana kwake m'mimba ndi ka 100, ndiye kuti pamafunika timadontho pafupifupi 1,000,000 kuti tipange dontho limodzi la mvula. Mitambo yopyapyala ya mu Julayi ilibe msinkhu woti timadontho tigundane n'kuphatikizana mpaka kulemera. Mitambo yakuda ya masana mu Disembala imatalika makilomita angapo kupita m'mwamba, ndipo pamwamba pake pamazizira mpaka madzi kuundana, nchifukwa chake nthawi zina imagwetsa matalala owononga fodya.

Chachinayi, mvula igwe pa malo enieni

Tsopano tulukani panja ndi tepi kapena chingwe choyezedwa kale. Yezani malo amene denga la kalasi laphimba pansi, m'litali ndi m'lifupi. Musayeze kutsetsereka kwa malata, chifukwa mvula imagwa kuchokera kumwamba ndipo chofunika ndi bwalo limene denga laphimba. Tinene kuti mwapeza mamita 10 ndi mamita 8, ndiye kuti masikweya mita 80.

Lamulo loti aloweze ndi limodzi: mvula ya milimita 1 ikagwa pa sikweya mita 1, yathira lita 1. Tinene kuti usiku kwagwa mvula ya mamilimita 20, yomwe si yachilendo m'dzinja. 20 kuchulukitsa ndi 80 ndi malita 1,600. Ana ambiri malita sawamva, koma zigubu za malita 20 amazisenza tsiku ndi tsiku, choncho agawe: zigubu 80, pa denga limodzi, usiku umodzi. Chipata imalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka, yambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, choncho denga lomwelo limalandira malita pafupifupi 80,000 pachaka, zigubu 4,000. Mukafika apa kalasi imakhala chete kaye, kenako mmodzi amafunsa chifukwa chimene sukulu ilibe thanki. Funso limenelo lisiyeni lipite kwa ahedi.

Ngati mulibe choyezera mvula, chitini chowongoka m'mbali chimagwira ntchito, bola pakamwa ndi pansi pakhale pofanana kukula. Chikwirireni pang'ono pamtetete, kutali ndi mitengo ndi madenga, ndipo yezani kuya kwa madzi ndi rula m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi. Ndowa siyenera, chifukwa pakamwa pake mpotakata kuposa pansi, idzakunamizani kuti mvula inali yambiri. Onaninso rula: ambiri amakhala ndi kampata ziro asanayambe.

Chachisanu, njira zitatu zapansi

Apa ndi pamene chithunzi cha m'buku chimasocheretsa. Chimaonetsa ngati dontho lililonse limatsata njira imodzi, mtambo, mtsinje, nyanja, mtambo. Zoona zake nzakuti mvula ikafika pansi njira zimagawikana. Madzi ena amayenda pamwamba kutsata kutsetsereka. Ena amalowa m'dothi. Ena amabwerera m'mwamba pomwepo, kuchokera pamasamba onyowa, m'zithaphwi ndi m'dothi, osaona mtsinje nkomwe. Funso la jogalafe ndi lakuti nchiyani chimasankha njira.

Tengani zitini ziwiri zofanana, zodula pansi ndi pamwamba. Chimodzi chikhomereni pakanjira kopondedwa ka kuchimbudzi kapena pagolo pa bwalo la mpira. Chinacho pansi pa mtengo pomwe pali udzu ndi masamba owola. Chilichonse chilowe m'dothi masentimita 3 mpaka 5, ndipo tsinderani dothi m'mbali. Thirani madzi ofanana, theka la lita m'chilichonse, mwana mmodzi agwire wotchi. Kawirikawiri pansi pa mtengo madzi amalowa ana akuyang'ana, pamene pakanjira amangoima. Mukaona kunyowa kukufalikira mozungulira chitini kunja, dziwani kuti madzi akuthawira m'mbali, chitini sichinalowe mokwanira, yambiraninso pamalo ena. Pa dothi la makande long'ambika ndi chilimwe, madzi oyamba amathamangira m'ming'alu ndipo mungaganize kuti limamwa kwambiri. Thiraninso kachiwiri, mudzaona kusintha, chifukwa makande akanyowa amafufuma n'kutseka.

Kuchokera pa zitinizo ana atchule okha zosankha njira: mtundu wa dothi, kupondedwa kwake, zomera zophimba, kutsetsereka kwa malo, kukula kwa mvula, ndi ngati dothi lakhuta kale. Kenako alozereni mapiri ozungulira tauni yathu. Pomwe mitengo yadulidwa n'kumangapo nyumba, madzi alibe chowachedwetsa, amatsika ofiira ndi dothi, kudzaza ngalande ndi mchenga, kukumba zigwembe m'misewu. Mvula ndi yomweyo, chasintha ndi magawidwe ake. Olowa pansi akachepa, zitsime za kumunsi zimaphwa msanga chaka chomwecho. Mwana akatha kulumikiza chigwembe cha mu Januwale ndi chitsime chouma cha mu Okutobala, phunziro lalowa.

Madzi olowa pansi nawonso ali pawiri. Ena amatsalira m'dothi lapamwamba, ndiwo chimanga chimamwa. Ena amatsikirabe mpaka kudzaza timipata ta mchenga ndi ming'alu ya miyala. Tsindikani kuti pansi pathu pano palibe nyanja kapena mtsinje wobisika monga ana amajambulira, muli dothi ndi miyala yokhuta madzi. Pamwamba pa gawo lokhutalo ndi pomwe madzi a m'chitsime amalekezera. Chingwe cha ndowa chimatalika mu Okutobala n'kufupika mu Malichi chifukwa mulingo umenewo umatsika ndi kukwera. Pomwe mulingowo wafika pamwamba pa nthaka pamakhala kasupe kapena dambo, ndipo ndi chifukwa chake madimba amabiriwira m'chilimwe. Timitsinje tambiri ta kuno timauma pamwamba, koma amayi akafukula mchenga amapeza madzi. Luangwa amachepa kwambiri m'chilimwe koma saphweratu, ngakhale papite miyezi mvula osagwa, chifukwa madzi apansi amapitiriza kutulukira mumtsinje pang'onopang'ono.

Chachisanu ndi chimodzi, perekezani dontho pa mapu

Tsopano nyanja ija ilowe, koma ilowe ndi dzina. Madzi otsika m'mapiri a Chipata amatsata mitsinje ngati Lutembwe kulowera kuchigwa mpaka mu Luangwa. Luangwa amathira mu Zambezi pa tauni ya Luangwa, imene kale inkatchedwa Feira, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambiki. Kuchoka apo madzi amadutsa m'damu la Cahora Bassa, kupyola Tete, mpaka m'nyanja ya Indiya. Ana atsate njirayo ndi chala pa mapu.

Pali kanthu kokoma kowonjezera ngati nthawi ilipo. Malire a Zambia ndi Malawi cha ku Mwami ndi Mchinji amatsata msana wa mtunda wogawa madzi. Mvula yogwa mbali ya kuno imalowera ku Luangwa. Yogwa tsidya linalo imatsata Bua kupita ku nyanja ya Malawi, n'kutuluka ndi Shire, amenenso amathira mu Zambezi. Madontho awiri a mtambo umodzi amasiyana pa Mwami n'kukakumana ku Mozambiki.

Pafupifupi 97 peresenti ya madzi onse a padziko ali m'nyanja zamchere, ndipo nthunzi yambiri ya mumpweya imachokera kumeneko. Mphepo ndiyo imaibweretsa kumtunda, ndipo ulendo umenewu ana amauiwala kawirikawiri. Popanda mphepo, mvula yochokera ku nthunzi imeneyo ikanagwera m'nyanja momwemo. Mvula yathu imadza pamene mphepo zachinyezi zochokera ku Kongo ndi ku nyanja ya Indiya zikumana pamwamba pa dziko lathu m'miyezi yotentha. Zikalephera kukhazikika, monga mu Febuluwale 2024 pamene chimanga chinapserera m'minda ndipo boma linalengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, sikuti madzi a padziko achepa. Agwera kwina. Wina adzafunsa chifukwa chimene mvula siwawa mchere ngati ichokera kunyanja. Sungunulani mchere m'madzi pang'ono, thirani m'mbale yosaya, ikani padzuwa pawindo. Mawa kapena mkuja adzapeza mchere watsala m'mbale.

Chachisanu ndi chiwiri, lembani chidule

Fufutani zonse kupatula mbali ziwiri zija, ndipo ana apange ziganizo awiriawiri musanalembe zanu. Chidule chabwino chimaoneka chonchi:

1. Dzuwa limatenthetsa madzi a m'nyanja, m'mitsinje, m'madamu ndi m'dothi, n'kusanduka nthunzi yosaoneka yolowa mumpweya.
2. Zomera zimayamwa madzi m'dothi n'kuwatulutsa m'masamba ngati nthunzi.
3. Mpweya wokhala ndi nthunzi ukakwera umazizira, nthunzi n'kusanduka timadontho topanga mitambo, ndipo mphepo imasuntha nthunzi ndi mitamboyo.
4. Timadontho tikaphatikizana n'kulemera timagwa ngati mvula kapena matalala.
5. Madzi ena amayenda pamwamba pa nthaka kutsata kutsetsereka mpaka m'mitsinje, m'madamu ndi m'nyanja.
6. Ena amalowa m'dothi, ena mwa iwo n'kutsikira m'ming'alu ya miyala, ndipo amatulukira m'akasupe, m'madambo, m'zitsime ndi m'mitsinje.

Chithunzi chijambulidwe pambuyo pa ziganizo, osati patsogolo. Malo akhale m'mabokosi, maulendo akhale mivi, ndipo muvi uliwonse ukhale ndi nambala ya chiganizo chake. Pansi pa mvula payenera kutuluka mivi itatu. Mukaona m'kope muvi umodzi wokha wochoka pamvula kupita kumtsinje, mwanayo wakopera buku. Mukaona muvi wa nthunzi ukuchokera kudzuwa, akuganiza kuti dzuwa limamwa madzi. Mukaona mitambo ikutsikira m'nyanja kukatunga, mubwezereni ku botolo lija.

Poyesa, musafunse kuti "tchulani magawo a kuzungulira kwa madzi", chifukwa woloweza ndi womvetsa adzapeza mamaliki ofanana. Sinthani chinthu chimodzi, iwo anene chotsatira. Bwalo la sukulu lathiridwa simenti lonse: muvi uti wanenepa, uti waonda, ndipo chitsime cha kuseri kwa mpanda chiona zotani? Munda wina walimidwa mizere yopingasa phiri, wina yotsetsereka nalo: uti usunga chinyezi mvula ikadula milungu iwiri? Ntchito ya kunyumba ikhale ya denga la kwawo. Ayeze ndi mapazi aatali ngati alibe tepi, phazi limodzi lalitali kuliyesa mita, awerengere zigubu za mvula ya mamilimita 20, kenako alembe ziganizo zitatu zonena komwe madziwo amapita akachoka pamalata. Amene amakhala m'nyumba za udzu awonjezere chimodzi: udzu umamwa madzi ena n'kuwabwezera kumpweya dzuwa likatuluka, choncho ofika pansi amachepa kuposa a pamasamu.